Sopo wa paketi yaikulu anali wodula

Ndinkangotola paketi yaikulu ya sopo waufa, poganiza kuti chachikulu chimatchipa nthawi zonse. Ndalama zitayamba kuperewera, ndinaima pa shelefu n'kutsegula kakyuleta ya pafoni.

Paketi ya magalamu 500 inali K3,200, ya makilogalamu 2 inali K13,600. Poyamba ndinalakwitsa, ndinagawa mitengoyo ndi 500 komanso ndi 2 osasintha miyezo, ndipo mayankho anasiyana moonetseratu kuti pena pavuta. Nditasandutsa makilogalamu 2 kukhala magalamu 2,000, ndinapeza mtengo wa magalamu 100 aliwonse: yaing'ono K640, yaikulu K680.

Ndiye kuti mapaketi anayi ang'onoang'ono, omwe sopo wake ndi wofanana ndi wa yaikuluyo, amakwana K12,800. Ndinagula anayiwo, K800 n'kutsala m'thumba, yokwanira mchere.