Momwe mungadziwire ngati gawo la ntchito yomanga likuyenda ndi nthawi

Kapitawo akati "tatsala pang'ono", tengani tepi mukayeze nokha. Pofunika kudziwa n'pawiri: mwa ntchito yonse ya gawolo, yatheka ndi maperesenti angati, ndipo mwa masiku amene munapangana, apita ndi maperesenti angati.

Tiyerekeze kuti komiti ya sukulu ina ku Domasi ikumangitsa chipinda chophunziriramo. Gawo lomwe apangana ndi amisiri ndi kukweza makoma kuchoka pa silabu kufika pokhala denga, masikweya mita 200, m'masiku ogwira ntchito 30.

Yambani ndi nthawi. Werengani masiku ogwira ntchito okhaokha, kusiya Lamulungu ndi maholide, monga munawerengera popangana. Ngati lero ndi tsiku la 18, gawani 18 ndi 30, muchulukitse ndi 100. Nthawi yapita ndi maperesenti 60.

Kenako yezani khoma lililonse m'litali ndi msinkhu, muchulukitse, muchotse malo a zitseko ndi mawindo ngati munachotsanso poyamba paja. Tinene kuti mwapeza masikweya mita 90. Pa 200, amenewo ndi maperesenti 45. Apa m'pamene ambiri amadzinamiza: njerwa zounjikidwa pabwalo, matumba a simenti ali m'sitolo ndi ndalama zimene mmisiri watapa kale si ntchito yotheka. Khoma lopendama loti ligumulidwe musaliwerengenso.

Tsopano gawani 45 ndi 60, mupeza 0.75. Yankho likakhala 1, ntchito ikuyenda ndi nthawi, likachepera pamenepo ndiye kuti yatsalira. Mukagawa masiku 30 aja ndi 0.75 mupeza 40, kutanthauza kuti pa liwiro limeneli makoma adzatha mochedwa ndi masiku 10.

Musalekere pomwepo, onaninso ngati kuthamangira tsiku lija n'kotheka. Amisiriwa akhala akumanga masikweya mita 5 patsiku. Kwatsala 110 m'masiku 12, ndiye afunika kupitirira 9 patsiku, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Gulu lomwelo silingakwanitse, makamaka poti mizere yam'mwamba imachedwa: pamafunika kumanga nsanja, ndipo njerwa ndi matope zimachita kukwezedwa pamanja. N'chifukwa chake pa ntchito ya makoma, ngakhale maperesenti awiriwo atafanana pakatikati, mtima usakhale pansi msanga.

Yezani Lachisanu lililonse n'kulemba m'kope, poti muyeso umodzi suonetsa kolowera. Ngati 0.75 wachoka pa 0.65, gulu likukoka. Ngati wachoka pa 0.9, fufuzani lero lomwe chomwe chaimitsa ntchito. Kuno ku Zomba, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kawirikawiri imakhala mvula kapena lole ya mchenga yokanika kudutsa msewu wamatope. Pamenepo kuwonjezera amisiri sikuthandiza: unjikani mchenga wokwanira makoma otsalawo, ndipo mugwirizane tsiku latsopano lomalizira molemberana.