Momwe mungalembere ndemanga yowunika nyumba osangothera pa penti

Ndemanga zambiri zomwe ndimawerenga nyumba yatsopano ikatsegulidwa kuno ku Salima zimangoti "chinyumba chokongola chasintha tauni" basi. Zimandiwawa chifukwa amene azikhalamo tsiku ndi tsiku palibe wawayankhulira. Ndiye nazi njira zake, ndipo chitsanzo ndi holo ina yomwe ndinaiwunika chaka chatha, dzina sinditchula.

Choyamba pemphani chilolezo kwa eni ake, kenako mupiteko katatu. Mmamawa, cha m'ma 2 koloko masana dzuwa likuswa mtengo, komanso tsiku loti mwadzadza anthu kapena kukugwa mvula. Nyamulani tepi, pensulo, kope ndi nyuzipepala.

Musanalowe zungulirani kaye panja, muyambire kuseri komwe alendo saonako. Apa mukuona kalimbidwe. Dothi la makande limafufuma mvula ikagwa nkuchita ming'alu m'chilimwe, fawundeshoni ikakhala yosazama khoma limatsatira dothilo. Ming'alu sikuti imafanana ayi. Ting'onoting'ono ngati tsitsi tomwazikana pa pulasitala nthawi zambiri ndi pulasitala yemweyo, mwina anauma msanga. Koma mng'alu woyambira pakona ya windo nkumayenda mopingasa ngati masitepe motsata mizere ya njerwa, mbali ina yokula kuposa inzake, umenewo ukunena kuti pansi pasuntha. Muuyeze, mulembe kamzere ndi deti pomwe wathera, mudzaonenso ulendo wina. Pa holo ija ndinapeza wa mamilimita 6 kukhoma lakumadzulo ndipo mkati unkaonekeranso. Funsani fomani ngati anathira ring'i bimu, lamba wa konkire uja womanga makoma onse pamwamba. Kuno si funso lachabe, chivomerezi cha mu Malichi 1989 chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima konkuno. Onaninso mizere ya chiswe kukwera kumatabwa a denga, ndi penti yotupa m'munsi mwa khoma yomwe imaonetsa kuti chinyontho chikukwera. Inu si injiniya, ndiye musalembe kuti "igwa". Lembani zomwe mwayeza nkunena kuti injiniya akaone.

Chachiwiri ndi kagwiritsidwe ntchito. Khalani pansi ola lathunthu muzingoona anthu. Akulowera pati, akupanikizana pati, agogo a ndodo akwera bwanji. Polowera njinga ya olumala pamafunika kuti pakakwera sentimita 1 payende masentimita 12, ndiye sitepe ya masentimita 30 ikufuna malo otsetsereka otalika mamita 3.6. Pa holo ija panali mita imodzi ndi theka, munthu payekha sangakwere. Mufunsenso wosesa ndi mlonda, amenewo amadziwa pomwe pamadontha.

Nkhani ya kuwala nde imafuna mudekhe chifukwa kuno kuwala kumabwera ndi kutentha. Pemphani azimitse magetsi masana, muime pakati pa chipinda muwerenge nyuzipepala ija. Mukavutika ndiye kuti mawindo achepa kapena ali polakwika. Mawindo oyang'ana kumpoto ndi kummwera savuta kuwatchinga ndi khonde chifukwa masana dzuwa limakhala pamwamba, ovuta ndi akumadzulo omwe dzuwa lamadzulo limalowa chogona mpaka mkati. Holo ija magalasi ake akuluakulu onse anawaika kumadzulo poti nkomwe kuli msewu, khonde lalifupi, malata opanda siling'i. Mu Okutobala ndinaona amayi akukoka mipando kuthawira kukhoma lina, wina atapachika chitenje pawindo, kenako anayatsa magetsi dzuwa likuwala panja. Khoma lakummawa komwe kuli nyanja ndi kamphepo kake linali ndi timawindo tiwiri tokha, mpweya unalibe podutsira.

Kenako tulukani muime patsidya pa msewu. Nyumbayo ikukhala bwanji ndi anzake? Madzi a padenga akuthamangira pakhomo la ndani, mthunzi wa mtengo womwe anthu ankadikirira minibasi ulipobe, a kabaza aima pati. Pa holo ija anadula mimango iwiri nkuthira konkire bwalo lonse, mvula ikagwa madzi amakathera m'maokala oyandikana nawo.

Polemba musandandalike zinayizi ngati lisiti yogulira zinthu, pezani chomwe chikuzimanga pamodzi. Ine ndinapeza kuti nyumbayo anaimangira munthu wodutsa pamsewu osati wokhala mkati, ndipo chiganizo choyamba cha ndemanga yanga chinali chomwecho. Chigamulo chilichonse chiyende ndi umboni wake. Mmalo moti "mkati mumatentha" lembani kuti "pa 3 koloko mizere inayi ya mipando yakumadzulo inali yopanda munthu". Zabwino muzinenenso, zitseko za holo ija ndi zazikulu zotsegukira kunja, anthu amatuluka osapondana. Musiyanitse vuto la wojambula pulani, la mmisiri ndi la ndalama zomwe zinathera panjira. Musanatumize kwa mkonzi aimbireni eni nyumbayo muwawerengere zomwe mwapeza, yankho lawo mulilembe mmene alinenera.