Momwe mungawerengere mwayi pa chithunzi cha mtengo chimene mwalandira pafoni

Mwana wa mchemwali wanga, amene ali mu Giredi 12 ku Matero, ananditumizira funso la masamu limene anajambula pabolodi. Kuwala kwa pawindo kunabisa nambala imodzi, ndipo mawu a funsolo anaduka.

Chithunzi chikabwera chotere, musathamangire kuwerengetsera. Yambani mwakoperanso papepala mtengowo, chithunzi cha nthambi zoonetsa zonse zimene zingachitike ndi mwayi wake. Nthambi zochokera pamfundo imodzi mukaziphatikiza ziyenera kukwana 1, ndiye ngati ina ndi 4/7, yobisikayo ndi 3/7.

Funso lake linali la masiwiti 8 m'thumba, 5 ofiira ndi 3 obiriwira, ndipo munthu akutola awiri motsatizana. Nthambi zoyamba zinali 5/8 ndi 3/8, koma zotsatira zinali ndi 7 pansi. Pamenepo ndinadziwa kuti siwiti yoyamba sikubwezedwa m'thumba, ngakhale mawu onena zimenezo sanaoneke. Mukatola yofiira, ofiira amatsala 4 mwa 7. Mukayamba ndi yobiriwira, ofiira akadali 5 mwa 7.

Tsopano tsatirani njira iliyonse kuchokera patsinde mpaka kunsonga, mukuchulukitsa:

```
yofiira, yofiira:       5/8 × 4/7 = 20/56
yofiira, yobiriwira:    5/8 × 3/7 = 15/56
yobiriwira, yofiira:    3/8 × 5/7 = 15/56
yobiriwira, yobiriwira: 3/8 × 2/7 = 6/56
```

Musachepetse mafulakishoniwa msanga. Asiyeni onse ndi 56 pansi, muphatikize manambala a pamwamba. Akapanda kukwana 56, pali nambala imene mwaiona molakwika pachithunzi. Kawirikawiri ndi 1 ndi 7, amene pa choko amafanana.

Kuphatikiza kumabwera pamene njira zingapo zikuyankha funso limodzi. Mwayi woti masiwitiwo akhale osiyana mtundu uli m'njira ziwiri zapakatizo: 15/56 + 15/56 = 30/56, kapena 15/28.

Pamene mwanayu anakodwa ndi pa gawo lomaliza, ndipo ndi pamene ndimafuna ophunzira adekhe kwambiri. Funso linati: tadziwa kuti siwiti yachiwiri ndi yofiira, nanga mwayi woti yoyamba inali yobiriwira ndi wotani? Iye analemba 5/7, poona kuti nambalayo ili panthambi yolumikiza yobiriwira ndi yofiira. Koma 5/7 ikuyankha funso lotembenuza, la mwayi wa yofiira pamene tadziwa kale kuti yoyamba ndi yobiriwira.

Zimene mwauzidwazo zimadula nthambi zina. Njira zothera pa yobiriwira zifufuteni, sizingachitikenso. Zatsala ziwiri, 20/56 ndi 15/56, pamodzi 35/56. Imeneyi ndiyo imapita pansi, ndipo pamwamba mumaika njira imene funso likufuna. Apa A akuimira kuti yoyamba ndi yobiriwira, B kuti yachiwiri ndi yofiira:

```
P(A|B) = P(A ∩ B) / P(B)
15/56 ÷ 35/56 = 15/35 = 3/7
```

Yankholi mutha kulitsimikiza popanda mtengo. Ikani siwiti imodzi yofiira pambali kuti ndiyo yachiwiri. Yoyamba inachokera mwa 7 otsalawo, ndipo obiriwira mmenemo alipo 3.