Ziro amene ana a Fomu 4 akumusiya pogawa mapolinomiyo

Pamene timachonga mayeso oyeserera a ana amene akukonzekera MSCE teremu ino, funso limodzi la kugawa mapolinomiyo mwa njira yaitali lagwetsa ana ambiri, ndipo pakati pa ogwawo pali ngakhale aja amene timawadalira pa masamu. Funsolo linali lakuti agawe x³ − 7x − 6 ndi x − 3, kenako apeze mafakitala onse a polinomiyoyo. Anawo sanalephere chifukwa chosadziwa kugawa, popeza pa mafunso amene zigawo zonse zilipo amakhoza bwinobwino. Chimene chinawapunthwitsa n'chakuti m'funsoli mulibe chigawo cha x², ndipo iwo anakopera funsolo monga momwe lilili n'kuyamba kugawa osasiya malo a chigawo chosowacho. Aphunzitsi anzanga, vutoli likuchokera pa bolodi pathu, chifukwa zitsanzo zimene timapereka m'kalasi nthawi zambiri zimakhala zokwanira zigawo zonse.

Tiyeni tione mmene pepala la mwana wotere limaonekera. Poyamba amachita bwino: amagawa x³ ndi x n'kupeza x², amachulukitsa x² ndi x − 3 n'kupeza x³ − 3x², ndipo amalemba zimenezi m'munsi mwa funso. Tsono pakuti sanasiye mpata, −3x² uja amagwera m'munsi mwenimweni mwa −7x. Mwanayo anazolowera kuti zimene zayang'anizana pamzere wotsika amazichotsera, choncho maso ake amangoona −7 ndi −3, amachotsera, n'kulemba −4x². Apa ndi pamene zonse zawonongekera, chifukwa wachotsera zinthu zosafanana: x ndi x² sizingaphatikizidwe kapena kuchotseredwa, ngakhale zitakhala pamzere umodzi. Akatero amatsitsa −6, amalemba −4x pamwamba, amachulukitsa n'kupeza −4x² + 12x, ndipo 12x amagweranso m'munsi mwa −6. Amachotsera kachiwiri zinthu zosafanana, n'kumaliza ndi yankho lakuti x² − 4x ndi chotsala −18.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ntchito yotereyi imaoneka yaudongo, mizere yake yoongoka, kotero kuti mwana amatuluka m'chipinda cholembera mayeso ali wokhutira kuti wakhoza. Koma chimene wagawa kwenikweni si funso limene anapatsidwa. Nambala zimene wagwiritsa ntchito ndi 1, −7 ndi −6 motsatizana, ndipo zimenezi ndi nambala za x² − 7x − 6, polinomiyo ina kotheratu. Nambala za funso lenileni ndi 1, 0, −7 ndi −6. Kutayika kwa malikisi sikuthera pa kugawako ayi. Funso linafuna mafakitala onse, ndipo mwana amene wapeza chotsala −18 amaganiza kuti x − 3 si fakitala, motero mbali yachiwiri amangoisiya kapena amayamba kuyesa manambala ena mwachisawawa mpaka nthawi kumuthera. Ena tinawaona atafufuta ntchito yonse n'kuyambiranso, koma pobwereza analakwitsa pamalo omwe aja, chifukwa cholakwikacho chili pa mzere woyamba umene iwo sakuukayikira. Ngakhale wochonga wachifundo amavutika kupeza popatsira malikisi a njira, pakuti njirayo yasokonekera pa kuchotsera koyamba komwe.

Kalembedwe koyenera ndi aka, ndipo kusiyana kwake ndi 0x² yekhayo:

```
             x² + 3x + 2
        -----------------
x − 3 ) x³ + 0x² − 7x − 6
        x³ − 3x²
        --------
             3x² − 7x
             3x² − 9x
             --------
                   2x − 6
                   2x − 6
                   ------
                        0
```

Kuika 0x² sikusintha kanthu pa funso, popeza ziro kuchulukitsa ndi chilichonse ndi ziro. Ntchito yake ndi kusunga malo, kuti −3x² akamabwera apeze mnzake wofanana naye. Taonaninso kuti ngakhale funso linalibe x², pogawa x² watulukirabe, ndipo ndi iye amene wabala 3x m'yankho. Ana ambiri amaganiza kuti chigawo chikasowa m'funso ndiye kuti sichidzafunikanso paliponse, pamene zoona zake n'zakuti kuchulukitsa ndi x − 3 kumatulutsa chigawocho nthawi zonse, ndipo chiyenera kupeza pokhala. Chotsala ndi 0, yankho ndi x² + 3x + 2, ndipo mafakitala onse ndi (x − 3)(x + 1)(x + 2). Sinditaya nthawi kufotokoza mmene x² + 3x + 2 amaphwanyidwira, chifukwa mwana wa Fomu 4 amene sadziwa zimenezo ali ndi vuto lina.

Pali chizolowezi china chimene chimanditopetsa, ndipo chili mwa aphunzitsi ena amene akhalitsa pa ntchito. Iwo amati kulemba 0x² n'kutaya choko, ndipo amaphunzitsa ana kungosiya kampata kopanda kanthu kapena kusunga chigawocho m'mutu. Inu aphunzitsi mukhoza kusunga m'mutu chifukwa mwagawa mafunso otere kwa zaka zambiri, koma mwana amene ali pa mayeso, mtima ukugunda, amalemba mothithikana, ndipo kampata kaja kamatsekeka pofika mzere wachiwiri. Komanso mpata wopanda kanthu sumukumbutsa mwana kuti pali choti achotsere. Akaona −3x² ali yekha popanda kanthu pamwamba pake, amangomutsitsa momwemo n'kulemba −3x², pamene yankho loona ndi +3x², chifukwa 0 − (−3) ndi +3. Cholakwika chimenechi tachipezanso pa mapepala ambiri, ngakhale a ana ena amene ziroyo anamulemba. Iwo amaganiza kuti kuchotsera pa ziro sikusintha kanthu, osazindikira kuti chimene sichisintha nambala ndi kuchotsa ziro pa nambalayo, pamene kuchotsa nambala pa ziro kumatembenuza chizindikiro chake. Mwana akalemba −3x² pamenepo, yankho lake limayamba ndi x² − 3x, ndipo ngakhale atayenda bwino pa mizere yotsalayo amathera pa chotsala −54 m'malo mwa 0.

Tsiku lina tikukambirana za zotsatira za mayesowa, bambo wina wa m'komiti ya makolo, amene ndi mlimi wa soya, anapempha kuti timufotokozere chimene chagwetsa ana. Nditamuonetsa pa bolodi, anaseka n'kunena kuti: "Aphunzitsi, zimenezi si zachilendo kwa ine. Chaka china ndinapita kukagulitsa soya, sikelo inaonetsa makilogalamu 305, koma mnyamata amene ankalemba anasiya ziro n'kulemba 35. Ndikanapanda kuyang'anitsitsa pa kapepala kaja, bwenzi nditabwerera kunyumba ndi ndalama ya thumba limodzi losadzaza." Bamboyo anapitiriza kudandaula za masikelo a ogula ena, zimene sizikutikhudza pano, koma mfundo yake inali yolondola kuposa momwe iye ankaganizira. Nambala 305 ndi 3 × 10² + 0 × 10 + 5, ndipo mukaika x m'malo mwa 10 mumapeza 3x² + 0x + 5. Kugawa mapolinomiyo kumatsata dongosolo lomwe lija la kugawa manambala limene anawa anaphunzira ku pulayimale, kumene palibe mwana amene angagawe 305 atachotsamo ziro.

Nthawi zina zigawo zosowa zimakhala ziwiri, ndipo apa ngakhale ana amene anamvapo za ziro amaika mmodzi yekha. Pogawa x³ − 8 ndi x − 2, mzere woyamba uyenera kukhala x³ + 0x² + 0x − 8, ndipo yankho ndi x² + 2x + 4 popanda chotsala. Chogawira nachonso chikhoza kukhala ndi chigawo chosowa. Pogawa 2x⁴ + 3x³ − 5 ndi x² + 1, tilembe 2x⁴ + 3x³ + 0x² + 0x − 5 mkati ndi x² + 0x + 1 kunja, kuti pochulukitsa ndi 2x² tipeze 2x⁴ + 0x³ + 2x², chigawo chilichonse pa malo ake. Yankho lake ndi 2x² + 3x − 2 ndi chotsala −3x − 3. Amene sanaike 0x m'chogawira amalemba 2x² m'munsi mwa 3x³, n'kugwa m'vuto lomwe lija.

Chenjezo limodzi pa nkhani yotsimikizira yankho, chifukwa pano pali msampha umene aphunzitsi ambiri sauona. Timauza ana kuti aike nambala m'malo mwa x, ndipo aone ngati chogawira kuchulukitsa ndi yankho, kuphatikiza chotsala, zikubweza funso loyamba. Njirayo ndi yabwino, koma ana amakonda kusankha x = 1 chifukwa ndi yosavuta, ndipo pa cholakwika cha mtundu uno x = 1 sagwira kanthu. Pa funso lathu lija, x = 1 amapereka 1 − 7 − 6 = −12, ndipo yankho lolakwika lija la x² − 4x ndi chotsala −18 limaperekanso (−2)(−3) − 18 = −12, motero mwana amatsimikiza kuti wakhoza. Zimatero chifukwa x akakhala 1, x ndi x² ndi x³ onse amakhala 1, ndiye kusokoneza zigawo sikuoneka. Ndi x = 2 funso limapereka 8 − 14 − 6 = −12, yankho lolondola limapereka (−1)(12) = −12, koma lolakwika limapereka (−1)(−4) − 18 = −14, ndipo cholakwikacho chaonekera poyera.

Zoti muchite m'kalasi n'zochepa. Mwana asanajambule n'komwe chizindikiro chogawira, ayambe wasanja zigawo kuchokera pa mphamvu yaikulu ya x kutsika mpaka pa nambala yopanda x, kenako awerenge: ngati mphamvu yaikulu ndi 3 zigawo zikhale zinayi, ngati ndi 4 zikhale zisanu, ndipo paliponse pamene paperewera aike ziro, ngakhale kumapeto kwenikweni. Pochotsera, aike mzere wam'munsi m'mabulaketi kuti chizindikiro chisamuthawe. Chogawira chikakhala cha mtundu wa x − 3, aike 3 m'funso asanayambe kugawa, apeze 27 − 21 − 6 = 0, ndipo adziwiretu chotsala chimene akuyembekezera. Pa ntchito yokachitira kunyumba sabata ikubwerayi, perekani mafunso angapo osowa chigawo osawachenjeza anawo, ndipo pochonga yambani mwayang'ana mzere woyamba.