Womwa panado wambiri musamudikirire kuti adwale

Makolo ndi achibale, munthu akamwa panado wopitirira muyezo, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuyenda ndi kucheza bwinobwino. Panado, amene dzina lake lenileni ndi parasetamo, ndi mankhwala abwino akamwedwa moyenera. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi awiri a mamiligalamu 500 nthawi imodzi, kapena mapiritsi 8 pa maola 24. Dziwaninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ali ndi parasetamo m'kati, choncho kuwaphatikiza ndi panado n'kuwonjezera muyezo mosadziwa.

Panado amaphwanyidwa m'chiwindi, ndipo kagawo kochepa kamasanduka poizoni. Chiwindi chili ndi chitetezo chake chotchedwa gulutathayoni, chimene chimagwira poizoniyo n'kumusukulutsa. Mapiritsi akachuluka, chitetezochi chimatha, poizoni n'kuyamba kupha maselo a chiwindi. Izi zimachitika pang'onopang'ono, ndipo chiwindi chimagwirabe ntchito ngakhale mbali ina yawonongeka, ngati mtanda wa denga umene chiswe chikudya m'kati. N'chifukwa chake tsiku loyamba munthu amangomva nseru, kusanza kapena thukuta, mwinanso osamva kalikonse.

Tiyerekeze kuti mnyamata wamwa mapiritsi ambiri 8 koloko usiku atakangana ndi abale. Wasanza kamodzi n'kugona, apabanja nkuti tiona kukacha. Apa ndi pamene pali ngozi. Mankhwala othana ndi poizoniyu, asetilisisiteyini, amateteza bwino chiwindi akayambidwa maola 8 asanathe, kutanthauza kuti isanakwane 4 koloko m'bandakucha. Mawa lake mnyamatayo akhoza kuoneka wochira. Tsiku lachiwiri ayamba kumva kuwawa kumunsi kwa nthiti za kumanja. Lachitatu kapena lachinayi maso achita chikasu, mutu wasokonezeka, magazi osagwirana. Pofika apa chiwindi chawonongeka kwambiri ndipo moyo uli pachiswe.

Asetilisisiteyini amapatsa chiwindi zipangizo zopangira gulutathayoni watsopano, kuti poizoni agwidwe asanawononge. Maselo amene afa kale sawadzutsa, ndiye ola lililonse ndi lofunika. Nthawi zambiri amaperekedwa kudzera m'diripi kwa pafupifupi tsiku lathunthu. Ngati maola 8 adutsa, pitanibe, chifukwa amathandizabe ngakhale mphamvu yake imachepa.

Musamusanzitse, ndipo musataye nthawi ndi mkaka kapena mankhwala azitsamba. Sizichotsa poizoni m'chiwindi. Tengani mapaketi otsala, muwauze adokotala nthawi imene anamwa ndi kuchuluka kwake. Nenaninso ngati amamwa mowa kwambiri, sakudya mokwanira, kapena ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena a khunyu, pakuti anthu otere chiwindi chawo chimagonja msanga. Ngati anamwa dala, musamukalipire kapena kumusiya yekha, ndipo zimenezinso anamwino azidziwe. Chimodzimodzi amene wakhala akumwa mapiritsi atatuatatu pafupipafupi chifukwa cha dzino lowawa, nayenso apite kuchipatala lero lomwe.