Momwe mungalembere imelo yosiyira ntchito wolowa m'malo mwanu

Tiyerekeze kuti ndinu kalaliki wa zachuma pa kampani yaing'ono yonyamula katundu ku City Deep, muno mu Johannesburg, ndipo Lachisanu likubwerali mukutsanzika. Mafayilo onse mnzanu wolowa m'malo mwanu adzawapeza yekha mu kompyuta. Zimene sangazipeze ndi zomwe mwakhala mukusunga m'mutu, ndipo n'zimene imelo yanu iyenera kunena.

Choyamba, itumizeni kutatsala masiku atatu kapena anayi, kuti mnzanuyo akufunseni mafunso mukadali pa desiki, ndipo abwana muwaike pa Cc.

Mukatero lembani ntchito zomwe zili mkati, kuyambira imene tsiku lake layandikira. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amangotchula dzina la ntchito, monga "misonkho", osanena pomwe aisiyira. Fomu ya EMP201, yomwe kampani imaperekera msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito ku SARS, bungwe lotolera misonkho, kudzera pa webusaiti yake ya eFiling, imafunika pofika pa 7 mwezi wotsatira, ndipo tsikuli likagwa Loweruka, Lamulungu kapena pa holide, muyenera kulipira pa tsiku lomaliza logwira ntchito tsikulo lisanafike, osati litadutsa. Mukachedwa, chilango chake ndi 10 peresenti. Choncho lembani chonchi: "EMP201 ya mwezi uno ndaidzaza pa eFiling koma sindinaitumize, chifukwa malipiro a ovataimu a madalaivala awiri sanatsimikizike. Funsani akapitawo Lolemba. Ndalama amavomereza ku banki ndi abwana okha, ndipo Lachinayi sapezeka."

Pa anthu olumikizana nawo, nambala ya foni payokha sithandiza kwenikweni. Nenani udindo wa munthuyo, chomwe amathandiza ndi njira imene amayankhira msanga: wogulitsa matayala uja sawerenga imelo koma amayankha pa WhatsApp, pomwe kasitomala wa ku Germiston salipira inivoisi yopanda nambala ya oda.

Zoopsa muzilembe mosabisa, ngakhale zina zitakhala zochititsa manyazi kwa inu (inivoisi imene mudaiwala idzaululika ndithu, inu muli pa basi ku Beitbridge). Pa choopsa chilichonse tchulani chizindikiro chake ndi chochita. Mwachitsanzo, kukabwera imelo yonena kuti wogulitsa wasintha akaunti ya ku banki, mnzanuyo asalipire mpaka ataimbira foni pa nambala yakale yomwe ili m'fayilo, chifukwa akuba amakonda kudzera pamenepa, makamaka kwa munthu watsopano amene sanazolowere mawu a anthu.

Mapasiwedi musawaike mu imelo. Pemphani abwana kuti amutsegulire mnzanuyo dzina lakelake pa eFiling ndi ku banki inu musanachoke, ndipo mumuone akulowa ndi maso anu. Pomaliza nenani tsiku limene mudzasiye kuyankha mafunso, ndi nambala yomwe idzagwirebe ntchito mukawoloka malire.