Momwe mungasamutsire pulogalamu kuchoka pa seva ya mu ofesi kupita ku kilaudi

Tiyerekeze kuti muli ndi kampani yotumiza katundu kuchokera kuno ku Joni kupita ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Pulogalamu yolembera makasitomala ndi malisiti ili pa seva ya pansi pa tebulo, ndipo magetsi akathima ntchito yonse imaima. Njira zosamutsira pulogalamuyo ku kilaudi, kutanthauza ma seva a lendi a pa intaneti, zilipo zingapo, koma langizo langa ndi loti musathamangire kulembetsa pulogalamu yatsopano.

Choyamba, lembani zonse zimene pulogalamuyo imadalira. Ambiri amagwa apa. Pulinta ya malisiti imatsala mu ofesi, ndipo ngati adiresi ya IP ya seva yakale inalembedwa m'kati mwa pulogalamu, mudzaona ikutseguka bwinobwino koma lisiti osatuluka.

Kenako isamutseni momwe ilili, osasintha kanthu. Chitani lendi seva yapafupi: Azure ili ndi malo ake ku Johannesburg kuyambira 2019, Google Cloud kuyambira 2024, pomwe AWS ya Amazon inatsegula ku Cape Town mu 2020. Kusankha zakonkuno kumathandizanso pa lamulo la South Africa la POPIA, lomwe limaika malire pa kutumiza kunja kwa dziko mayina ndi manambala a makasitomala. Koma musatengere kukula kwa seva yakale. Ngati ili ndi memole ya 32 GB koma imagwiritsa ntchito 6 GB yokha, ya 8 GB ikukwanirani, chifukwa ku kilaudi mumalipira ola lililonse limene seva yayaka, ngakhale usiku muli mtulo.

Kutatsala masiku awiri, pitani pa DNS, yomwe imalumikiza dzina la seva ndi adiresi yake, mutsitse TTL, nthawi imene makompyuta amakumbukira adiresiyo, ifike pa masekondi 300 kuti adiresi yatsopano idzafalikire msanga. Tsikulo, basi yomaliza ikanyamuka, letsani aliyense kulowetsa zatsopano. Kenako koperani detabesi, nkhokwe ya zonse zolembedwa mu pulogalamu. Ngati yanu ndi PostgreSQL:

```
pg_dump -Fc katundu > katundu.dump
pg_restore --no-owner -d katundu katundu.dump
```

Mzere woyamba muulembe pa seva yakale, wachiwiriwo pa seva yatsopano, mutakoperako fayiloyo ndi kupanga detabesi yopanda kanthu. Werengani malisiti mbali zonse ziwiri. Manambala akasiyana, musasinthe DNS. Seva yakale isungeni mwezi wathunthu, kuti zikavuta pakhale pobwerera.

Zinthu zikakhazikika, sunthani detabesi yokha ipite kumene eni kilaudi amaisamalira okha, monga Amazon RDS. Kusunga makope ndi kukonza za chitetezo cha seva kumakhala kwa iwo. Kwa kampani yopanda katswiri wolembedwa ntchito, ine ndimaona kuti phindu lenileni lili apa.

Kulemba mwatsopano kumadya ndalama ndi nthawi, choncho kuchitike pa gawo lokhalo limene likukupwetekani, monga lofufuzira katundu, lomwe limalemedwa mu Disembala aliyense akamatumiza kumudzi. Za malipiro a antchito musavutike nazo, ingolembetsani pulogalamu yopangidwa kale yolipira pamwezi.